Sudoku yaima pa mzere wa 5: mapasa a 3 ndi 7

Mai a Chisomo, Nchalo: Mwaswera bwanji nonse? Ndithandizeni abale. Sudoku imene ndayiyamba masana ano yangoima nji. Ndayendera manambala onse kuyambira 1 mpaka 9, bokosi ndi bokosi, koma palibe nambala yotsala ndi malo amodzi. Kachipinda kalikonse kakulola manambala awiri kapena kupitirira apo. Chigawo chapakati chili chonchi:

```
r4   . 8 . | . . . | 1 9 6
r5   . . . | . 8 6 | 5 . 4
r6   . 4 . | . . . | . . 2
```

Maso anga ali pa mzere wa 5 chifukwa muli kale manambala anayi, koma sindikuona polowera.

Aphunzitsi, Ngabu: Taswera Mai a Chisomo. Mwaloza pabwino. Mu mzere wa 5 mukusowa 1, 2, 3, 7 ndi 9, ndipo tizipinda topanda kanthu ndi tisanu. Koma ndi mizere itatu yokhayi sitingaone zonse. Tatiuzani manambala amene ali kumtunda ndi kumunsi, m'mizere yoima yoyamba inayi. Polemba tigwiritse ntchito njira ija ya masiku onse: r ndi mzere wogona, c ndi mzere woima, ndiye r5c1 ndi kachipinda koyambirira kumanzere mu mzere wa 5.

Mai a Chisomo, Nchalo: Mu c1 muli 2, 7 ndi 9. Mu c2, pa manambala asanu osowawo, muli 7 yekha. Mu c3 muli 1, 3, 4, 5 ndi 8. Mu c4 muli 1, 2 ndi 9. Mu c8 mulibe 3, mulibenso 7.

Alangizi, Makhanga: Ine ndingoyambira ku masamu. Mzere uliwonse ukadzaza umakwana 45. Apa 8, 6, 5 ndi 4 akupanga 23, ndiye kwatsala 22. Tigawe 22 ameneyu m'tizipinda tisanuto, yankho lituluka.

Aphunzitsi, Ngabu: Kuwerengako mwawerenga bwino Alangizi, 1, 2, 3, 7 ndi 9 akupangadi 22. Koma angawapange 22 yemweyo ngakhale muwasanje chamtundu wanji, ndiye sakutiuza kuti ndani akhale pati. Kuphatikiza kumagwira ntchito pa mtundu wina uja wokhala ndi timipanda ta madontho ndi kanambala pakona. Pa Sudoku wamba iyi mutha kuchotsa manambala onse n'kuikapo zilembo zisanu ndi zinayi, masewera ake osasintha.

Mai a Chisomo, tengani pensulo. M'kachipinda kalikonse ka mzere wa 5 lembani tinambala tating'ono tonse timene tingalowemo. Tonse ndithu, osasiyako n'kamodzi komwe. Mukatero mutitumizire.

Mai a Chisomo, Nchalo: Ndalemba, zatuluka chonchi:

```
r5c1   1 3
r5c2   1 2 3 9
r5c3   2 7 9
r5c4   3 7
r5c8   3 7
```

Mphatso, Nsanje boma: Anti, ndaona! r5c4 ndi r5c8 zikufanana ndendende. Pa foni yanga ndikapempha thandizo zoterezi imalemba kuti naked pair. Koma chimene sindimvetsa n'chakuti zithandiza bwanji, poti sitikudziwabe kuti 3 ali kuti, 7 ali kuti.

Aphunzitsi, Ngabu: Waona bwino Mphatso, ndipo funso lakolo ndi limene limagwetsa anthu ambiri. Ife kuno timangoti mapasa. Anthu akaona mapasa amalimbana n'kudziwa kuti 3 alowa kumanzere kapena kumanja, zikawakanika n'kuwasiya. Chonsecho phindu la mapasa silili m'tizipinda tiwirito ayi, lili kwa anzawo a mumzeremo.

Tiyese njira zonse, zilipo ziwiri zokha. Ngati r5c4 ndi 3, r5c8 watsala ndi 7. Ngati r5c4 ndi 7, r5c8 watsala ndi 3. Njira yachitatu palibe, chifukwa tizipinda timeneti sitilola nambala ina, ndipo nambala imodzi singakhale kawiri mu mzere umodzi. Ndiye kaya zagwa mbali iti, 3 ndi 7 a mzere wa 5 athera pamenepo. Zili ngati bwato la pa Mtayamoyo lotsala ndi malo awiri, ndipo anthu awiri alipira kale. Sitikudziwa amene akhale kutsogolo, koma ena onse oima pa gombe akudziwa kuti malowo si awo.

Tsono fufutani 3 ndi 7 m'tizipinda tina tonse ta mzere wa 5. Mu r5c1 achoke 3. Mu r5c2 achoke 3. Mu r5c3 achoke 7. Muone chimene chitsale.

Mai a Chisomo, Nchalo: Eee! r5c1 watsala ndi 1 yekha. Ndamulemba. Ndiye 1 achokenso mu r5c2, eti? Akatero r5c2 ndi 2 9, r5c3 nayenso ndi 2 9. Awa si mapasa enanso?

Aphunzitsi, Ngabu: Ndi mapasa ndithu. Tibwerako posachedwa, chifukwa amenewa ndi amphamvu kuposa oyamba aja.

Ankolo, Bangula: Ndalowa mochedwa, magetsi anazima ndipo foni inatha moto. Njira imeneyi ndimaidziwa bwino. Koma Aphunzitsi mwaisiyira panjira. Mapasa akapezeka mumasesa paliponse pamene akuona. Mai a Chisomo, fufutani 3 ndi 7 mu c4 monse, mu c8 monse, komanso m'mabokosi awiriwo. Mudzaona tizipinda tikutseguka ngati chiyani.

Aphunzitsi, Ngabu: Ayi Ankolo, pepani, pamenepo ndiye tiime kaye. Mai a Chisomo musafufute. Taonani bokosi lapakati, limene muli 8 ndi 6. Bokosi limeneli likufunika 3 wake ndi 7 wake, onse awiri. Mwa mapasa athu, amene ali m'bokosimo ndi mmodzi yekha, r5c4. Iyeyo atenga nambala imodzi basi. Akatenga 3, ndiye kuti 7 wa bokosilo ali pena, mwina r6c4, mwina r4c5. Mukafufuta 3 ndi 7 m'tizipinda tina tonse ta bokosilo, mukukakamiza manambala awiri kuti akhale m'kachipinda kamodzi. Sizingatheke.

Mapasa amasesa m'nyumba imene onse awiri akukhalamo. Ndikati nyumba ndikunena mzere wogona, mzere woima kapena bokosi, zonse pamodzi zilipo 27. r5c4 ndi r5c8 akukumana m'nyumba imodzi yokha, mzere wa 5. Mizere yawo yoima ndi yosiyana, mabokosi awo ndi osiyana.

Ankolo, Bangula: Koma ine ndakhala ndikusesa m'bokosi ndi mumzere nthawi imodzi, zikumatheka bwinobwino.

Aphunzitsi, Ngabu: Zimatheka mapasawo akakhala m'bokosi limodzi. Ndipo chitsanzo chake ndi ichi chatulukira Mai a Chisomo. r5c2 ndi r5c3 onse ndi 2 9, ali mu mzere wa 5, alinso m'bokosi limodzi lakumanzere. Amenewa ndiye akusesa nyumba ziwiri. Mu mzere mulibe chotsala choti asese, koma m'bokosi muli ntchito. Mai, lembani tinambala ta bokosi lakumanzerelo, muonjezepo r2c3.

Mai a Chisomo, Nchalo: Izi:

```
r4c1   3 5
r4c3   2 7
r6c1   3 5 6
r6c3   6 7 9
r2c3   6 9
```

Mu r6c1 munalinso 1 koma ndamufufuta nditalemba 1 uja pamwamba pake.

Aphunzitsi, Ngabu: Mwachita bwino, nambala ikangolembedwa kufufuta kuzichitika nthawi yomweyo. Mphatso, yendetsa iweyo, ndikuonerera.

Mphatso, Nsanje boma: Chabwino Aphunzitsi. 2 ndi 9 a bokosili ali pa r5c2 ndi r5c3, ndiye 2 achoke mu r4c3. Watsala 7, tilembe 7. Mu r6c3 achoke 9 chifukwa cha mapasa, achokenso 7 chifukwa tangomulemba kumene m'bokosi lomwelo. Watsala 6. Tsopano 6 ameneyu ali mu c3, ndiye r2c3 sangakhalenso 6, ndi 9. Ndipo 9 akakhala pa r2c3, r5c3 amene ali mu mzere woima womwewo sangakhale 9, ndi 2. Basi r5c2 ndi 9. Anti, chongani ngati ndalondola.

Mai a Chisomo, Nchalo: Walondola mwanawe. Manambala asanu ndi limodzi alowa motsatizana, ndipo chigawo chija tsopano chili chonchi:

```
r4   . 8 7 | . . . | 1 9 6
r5   1 9 2 | . 8 6 | 5 . 4
r6   . 4 6 | . . . | . . 2
```

Chondidabwitsa n'chakuti r5c4 ndi r5c8, amene ayambitsa zonsezi, akadali ndi 3 7 wawo. Sanasunthe.

Aphunzitsi, Ngabu: Asiyeni choncho, nthawi yawo ikwana. Yankho lawo lichokera kwina, mwina mu c4 kapena mu c8 mukalowa 3 kapena 7. Taonaninso kuti r6c1 wataya 6, ndiye r4c1 ndi r6c1 onse ndi 3 5. Amenewo ali mu c1, ndiye pitani kumtunda ndi kumunsi kwa c1 mukafufute 3 ndi 5 paliponse pamene munawalemba.

Achimwene a kabaza, Dyeratu: Mabwana, zonsezi n'zabwino, koma ine ndimasewera podikira makasitomala pa siteji, nthawi yolemba tinambala ndilibe. Ndikaona 3 7 ndimangoika 3. Foni ikafiira ndiye kuti ndi 7, basi ndapitirira. Mwayi wake ndi theka kwa theka, vuto lili pati?

Mphatso, Nsanje boma: Achimwene, pamenepo wasewera ndi foni, si inu.

Achimwene a kabaza, Dyeratu: Koma ndimamaliza, si choncho?

Aphunzitsi, Ngabu: Mumamaliza chifukwa foniyo ili ndi yankho m'kati mwake, ikukuuzani nthawi yomweyo. Pa pepala palibe chofiira. Mukaika 7 pa r5c4 mongoyerekeza, mutha kulemba manambala khumi ena bwinobwino, n'kudzapeza kumunsi uko kachipinda kamene sikakulola nambala iliyonse. Pofika apo simukudziwanso kuti zolondola ndi ziti, zochokera ku kuyerekeza kuja ndi ziti. Taonaninso ichi Achimwene. Mukanayerekeza pa r5c4, mukanapeza manambala awiri, mwamwayi. Mai a Chisomo sanayerekeze, apeza asanu ndi limodzi otsimikizika.

Achimwene a kabaza, Dyeratu: Ndamva. Koma pa siteji ndipitiriza yangayi, ya pensuloyo ndidzayesa Lamulungu.

Sisi a Nasi, Chikwawa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndili pa ntchito ya usiku. Ine mzere wa 5 uja ndinauona mwina. Pa mndandanda woyamba wa Mai a Chisomo, funsani kuti 2 angalowe pati: r5c2 ndi r5c3 basi. Nanga 9? r5c2 ndi r5c3 basi. Manambala awiri, malo awiri. Ndiye tizipinda timeneto ndi ta 2 ndi 9, zina zonse zili m'menemo, 1, 3 ndi 7, zichoke. Zikachoka, 1 watsala ndi malo amodzi, r5c1. Ndafika pomwe mwafika inu osakhudza 3 7.

Aphunzitsi, Ngabu: Ndi zoona Sisi. Amenewo ndi mapasa obisala. Kusiyana kwake kuli pa kumene mukufufuta. Mapasa oonekera, ngati 3 7 aja, m'kati mwawo ndi moyera kale, mumafufuta kunja, kwa anzawo. Mapasa obisala akwiririka ndi tinambala tina, ndiye mumafufuta m'kati mwawo momwemo.

Ndipo si mwangozi kuti njira zonse zakumana. Mzere uli ndi malo asanu ndi manambala asanu. Mukati 3 ndi 7 atenga malo awiri, mwanenanso kuti 1, 2 ndi 9 atenga atatu otsalawo. Mukati 2 ndi 9 atenga malo awiri, mwanenanso kuti 1, 3 ndi 7 ali pa r5c1, r5c4 ndi r5c8. Ndi nkhani imodzi, wina akuionera kutsogolo wina kumbuyo. Chosavuta kuona n'chimene mumatola. Kwa amene amalemba tinambala tonse, oonekera ndi amene amagwa m'maso msanga, chifukwa mumangofuna tizipinda tokhala ndi tinambala tiwiri tofanana.

Ankolo, Bangula: Za bokosi zija ndavomera. Koma ndifunse china. Pa mndandanda woyamba, r5c1 anali 1 3, r5c4 anali 3 7. Onse ali ndi tinambala tiwiritiwiri, onse ali ndi 3. Amenewo si mapasa?

Aphunzitsi, Ngabu: Ayi. Werengani manambala onse amene ali m'tizipinda tiwirito: 1, 3, 7. Atatu. Malo awiri, manambala atatu, ndiye mmodzi atsala panja, ndipo simukudziwa kuti ndi uti. Mwina 1 ndi 7 ndi amene alowe, 3 n'kupita kwina. Simungafufute chilichonse. Chimodzimodzi wina akakhala 3 7 mnzake 3 7 9. Pamenepo anthu amakopeka kwambiri, koma 9 uja akalowa, 3 kapena 7 amasuka, akhoza kukhala pena mumzeremo. Muyeso wake ndi umodzi: kuchuluka kwa manambala kufanane ndi kuchuluka kwa tizipinda.

Muyeso womwewu umagwiranso pa atatu. Mukaonjezera r5c8 pa awiri anuwo, muli ndi 1 3, 3 7 ndi 3 7. Malo atatu, manambala atatu, ndiye 1, 3 ndi 7 achoke kwina konse mumzeremo. Sikofunika kuti kachipinda kalikonse kakhale ndi onse atatu. Ngakhale 1 3, 3 7 ndi 1 7 ndi atatu okwana bwino.

Alangizi, Makhanga: Nanga tizipinda titatu tonse tikakhala 3 7 mu mzere umodzi? Zinandichitikira pa ina ya m'nyuzipepala. Ndiye mapasa ndi ati pamenepo?

Aphunzitsi, Ngabu: Pamenepo palibe mapasa, pali cholakwika. Malo atatu sangadzazidwe ndi manambala awiri. Mwina nambala ina yaikulu inalembedwa posayenera m'mbuyomo, mwina kanambala kena kanafufutidwa popanda chifukwa. Chizindikiro chinanso cha vuto lomweli ndi pamene mwasesa ndi mapasa, kachipinda kena n'kutsala kopanda kanambala n'kamodzi komwe. Mukaona zimenezo musapitirire. Yambani mwachonga mapasawo: pitani pa kachipinda kalikonse, muwerenge 1 mpaka 9, muone ngati nambala iliyonse imene simunailembe ilidi yotsekedwa ndi mzere wogona, mzere woima kapena bokosi. Ndi zimene tinachita poyamba paja. r5c4 anataya 1, 2 ndi 9 chifukwa ali mu c4. r5c8 anawataya chifukwa ali m'bokosi lakumanja. Chilichonse chinali ndi mwini wake wochitsekereza.

Sisi a Nasi, Chikwawa: Apa pali msampha wina umene umakola anthu olemba ngati ine. Ine sindilemba tinambala tonse, pepala limada, ndiye ndi thukuta la mwezi uno wa Okotobala labala akangodutsa kawiri pepala labooka. Ndimalemba kanambala pokhapokha ngati nambalayo yatsala ndi malo awiri m'bokosi. Tsono ndi kalembedwe kameneka, kachipinda kakhoza kuoneka ndi 3 7 chonsecho kakulolanso 5 ndi 9, kungoti sindinawalembe. Ndikaona 3 7 m'bokosi ili ndi 3 7 m'bokosi linalo mu mzere umodzi, amenewo si mapasa, ngakhale akuoneka ngati omwewo.

Mphatso, Nsanje boma: Nanga onse awiri akakhala m'bokosi limodzi, Sisi?

Sisi a Nasi, Chikwawa: Akatero ndi enieni, chifukwa ndiye kuti 3 ali ndi malo awiri okha m'bokosimo, 7 nayenso ali ndi malo awiri omwewo. Ndi obisala aja. Koma owoloka mabokosi ndimayamba ndawerenga 1 mpaka 9 ndisanawakhulupirire. Ena amasiyanitsa polemba: tinambala ta malo awiri m'bokosi amatiika pakona, tinambala tokwana tonse amatiika pakati pa kachipinda.

Aphunzitsi, Ngabu: Ine ndimayamba ngati Sisi, zikaima ndiye ndimasankha mzere kapena bokosi lotsala ndi malo anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kulemba zonse m'menemo mokha. Kudzaza tinambala m'tizipinda tonse 81 pachiyambi n'kudzikwirira. Komanso nyumba yotsala ndi malo atatu musatayepo nthawi kufuna mapasa. Ngati awiri ali 3 7, wachitatuyo ali ndi nambala imene ilibe malo ena, mukanaipeza kale ndi maso.

Ankolo, Bangula: Ine ndimakonda kudzaza zonse. Pa foni pali batani lolemba tinambala tonse lokha, silidumpha kanthu, ndiye mapasa abodza a Sisiwo kulibe.

Sisi a Nasi, Chikwawa: Kulibe, inde, koma maso amatopa Ankolo. Manambala mazana pa kagalasi kakang'ono, mapasa enieniwo amasowa m'menemo.

Ankolo, Bangula: Maso amazolowera. Aliyense ndi njira yake.

Mphatso, Nsanje boma: Aphunzitsi, ndabwereranso ku chiyambi ndipo ndaona khomo lina. Mu mzere wa 5, 2 amalowa pa r5c2 kapena r5c3, ndipo onsewo ali m'bokosi lakumanzere. Ndiye 2 wa bokosilo ali mu mzere wa 5 basi, r4c3 sangakhale 2, ndi 7. Apa sindinagwiritse mapasa aliwonse.

Aphunzitsi, Ngabu: N'zolondola, ndipo ndi njira ina payokha, ya nambala imodzi yotsekeredwa pamene mzere ndi bokosi zikudutsana. Sudoku yapakatikati ikaima nthawi zambiri makomo amakhala angapo. Chofanana pa onsewa n'chakuti sitepe yoyamba si kulemba nambala, ndi kufufuta. Amene amangofunsa kuti "apa palowa chiyani" amaima pamene anaima Mai a Chisomo. Koma ndisakunamizeni kuti mapasa aliwonse amatsegula. Ambiri mumawapeza, mukayang'ana mumzere mulibe 3 kapena 7 woti mufufute. Ena amachotsa kanambala kamodzi, kachipinda kochoka pa tinambala tinayi kufika pa titatu, osalowa nambala. Kufufuta kumeneko musakunyoze, kumadzathandiza patsogolo. Ndipo pa zovuta zenizeni mapasa ndi atatu amatha onse Sudoku ikadali chiimire, pamafunika njira zoyang'ana mizere iwiri nthawi imodzi.

Sisi a Nasi, Chikwawa: Poti tili pa mapasa, ndiikepo yanga. Mnzanga wa kuntchito anandikopera Sudoku pamanja m'kope la masamu. Ndamaliza yonse kupatula tizipinda tinayi: r2c1, r2c5, r3c1 ndi r3c5. Tonse ndi 4 8. Mapasa mu r2, mapasa mu r3, mapasa mu c1, mapasa mu c5, koma palibe chowamasula. Ndayesa 4 pa r2c1, zatheka. Ndayesa 8, zathekanso.

Aphunzitsi, Ngabu: Ngati zina zonse zadzaza ndipo palibe nambala yobwerezedwa, ndiye Sudoku imeneyo ili ndi mayankho awiri, vuto si inu. Tizipinda tinayi timeneto tili m'mizere yogona iwiri, mizere yoima iwiri ndi mabokosi awiri. Mukasinthanitsa 4 ndi 8, nyumba iliyonse ikhalabe ndi 4 mmodzi ndi 8 mmodzi. Sudoku yokonzedwa bwino imakhala ndi yankho limodzi, ndiye ndikuganiza kuti pokopera anadumpha nambala, ndipo mwina inali pa kamodzi mwa tinayito. Werengani manambala amene anakupatsani poyamba. Mu 2012 gulu la a Gary McGuire a ku Dublin linatsimikiza ndi makompyuta kuti Sudoku ya yankho limodzi singayambe ndi manambala ochepera 17.

Sisi a Nasi, Chikwawa: Ndawerenga, alipo 27.

Aphunzitsi, Ngabu: 27 sakutsimikiza kanthu. 17 ndi malire a pansi chabe. Mutha kupatsidwa manambala 77, tinayi totereti n'kutsala, mayankho n'kukhalabe awiri. Kafunseni mnzanuyo pepala limene anakoperapo.

Ankolo, Bangula: Koma apa ndaonapo chida. Ngati Sudoku yabwino singathere pa tinayi totere, ndiye ndikaona makona atatu ali 4 8, lachinayi lili 4 8 6, ndingolemba 6 pa lachinayilo. Apo ayi ndigwera m'dzenje la Sisi.

Aphunzitsi, Ngabu: Njira imeneyo ilipodi Ankolo, akatswiri amaigwiritsa ntchito, bola tinayito tikhale m'mabokosi awiri, osati anayi. Ine sindiikonda. Mapasa amadalira malamulo a masewera okha, aliyense atha kuchonga. Yanuyo ikudalira kuti wokonza sanalakwitse ndipo wokopera sanadumphe. Pa kope la Sisi ikanakusokeretsani.

Ankolo, Bangula: Ikanandisokeretsa bwanji? Ngati mayankho ali angapo, ndikanapeza limodzi mwa iwo kapena ndikanaona kuti zasokonekera. Ndipo za m'mabuku osindikizidwa ndi za pa foni zimakhala zoyesedwa kale. Yankho limodzi ndi gawo la malamulo kwa ine.

Aphunzitsi, Ngabu: Kwa ine yankho limodzi ndi chimene ndimafuna nditsimikize pomaliza, osati chimene ndiyambire nacho. Apa sitigwirizana lero.

Mphatso, Nsanje boma: Ine ndili mbali ya Ankolo pa za pa foni, mbali ya Aphunzitsi pa zokopera pamanja.

Mai a Chisomo, Nchalo: Ndabweranso, ndimapatsa ana chakudya. Mapasa a 3 5 a mu c1 aja anditsegulira bokosi la kumunsi kumanzere. Kuchoka apo mzere wa 7 wayenda mpaka 3 walowa pa r7c8. Ndiye r5c8 ndi 7, r5c4 ndi 3. Ndipo Ankolo, 7 wa bokosi lapakati wagwera pa r6c4, pomwe paja munati ndifufute. Zikomo kwambiri Aphunzitsi, zikomo nonse.

Ankolo, Bangula: Takhuta potiuza Mai. Ndiye ya m'bokosi ija yatsimikizika.

Alangizi, Makhanga: Aphunzitsi, ine ndili ndi ina pano. Mu c6 ndili ndi 2 5 pa r1c6 ndi 2 5 pa r8c6, ndachonga 1 mpaka 9 monga munanenera, ndi enieni. Ndafufuta 2 ndi 5 mu c6 monse, kwachoka kanambala kamodzi kokha, r4c6 watsala ndi 1 4 9. Palibe chalowa.

Aphunzitsi, Ngabu: Mwafufuta molondola. Tsopano funsani kuti kanambala kamene kachoka pa r4c6, kaya ndi 2 kaya ndi 5, katsala ndi malo angati mu mzere wa 4 ndi m'bokosi lapakati. Ngati sizikuonekabe, tumizani tinambala ta c6 yense ndi ta r4, tione limodzi m'mawa.

Alangizi, Makhanga: Ndi 5 amene wachoka. Mu r4 watsala ndi malo awiri, r4c2 ndi r4c9. Za bokosi ndichonga kukacha, netiweki kuno yayamba kuvuta.